Nkhuku 120 ndi uthenga umodzi wa pafoni

Achemwali anga amaweta nkhuku zoyera kuseri kwa nyumba yawo ku Chilinde, mumzinda wa Lilongwe. Chaka chilichonse amagula anapiye kumayambiriro kwa Novembala kuti pofika sabata ya Khirisimasi akhale atakwanitsa masabata asanu ndi limodzi. Mu 2025 anali nazo 120. Lachinayi pa 18 Disembala madzulo ndidawapeza pakhonde atagwira foni, kope la ngongole lili pamiyendo, akulemba uthenga woti atumize kwa anthu amene amawagula nkhuku.

"Achimwene, tawerengani ngati zili bwino," adatero akundipatsira foniyo.

Uthengawo unali wotere: "Moni makasitomala athu okondedwa m'dzina la Ambuye. Tikukufunirani Khirisimasi yabwino ndi chaka chatsopano chopambana. Tikukudziwitsani kuti tili ndi nkhuku zonenepa pa mtengo wotsika kwambiri nyengo ino ya chikondwerero. Fulumirani zisanathe!"

Ndi mawu aulemu, ochokera pansi pa mtima, ndipo umu ndi momwe tidaleredwera: sungafike pakhomo pa munthu n'kuyamba ndi nkhani ya malonda usanapereke moni. Koma wolandira uthengawu ali m'minibasi kapena akusonkha moto, ndipo foni yake yalira kale kangapo tsiku lomwelo ndi mauthenga a anthu ena otsatsa malonda. Akauwerenga sakudziwa kuti walemba ndani, nkhukuyo ndi ndalama zingati, ndiponso kuti afulumire pofika liti. Mawu oti nkhuku akuwapeza atadutsa zilembo 150. Munthu wotere sakana, koma amangoti ndiona, n'kubweza foni m'thumba. Ndipo mu Disembala ndalama siyembekeza munthu amene akuona kaye. Feteleza akuifuna, zovala za ana zikuifuna, fizi ya mu Januwale nayo yayamba kale kusuzumira pakhomo.

Tisanakonze mawu, ndidawafunsa achemwali chifukwa chomwe ankafunira kutsitsa mtengo. Yankho lawo ndi limene lidatipatsa tsiku lomaliza. Nkhuku yoyera ikafika masabata asanu ndi limodzi imadya magalamu 150 kapena kuposerapo patsiku. Nkhuku 120 ndiye kuti makilogalamu 18, moti thumba la makilogalamu 50 silikwanitsa masiku atatu. Tsiku lililonse limene nkhuku zagonanso m'khola zikudya phindu. Chomwe iwo ankafuna si kugulitsa motchipa ayi, koma kuti anthu amene akadabwera pa 24 kapena pa 25 abwere pa 20, pa 21 ndi pa 22. Ndiye tsiku lomaliza silikadakhala Khirisimasi yeniyeniyo. Pa 24 Disembala nkhuku imadzigulitsa yokha, aliyense akufuna ya mpunga wa mawa lake, ndipo kutsitsa mtengo tsiku limenelo n'kutaya ndalama mwadala. Tidagwirizana kuti mtengo wotsika uthe Lachiwiri pa 23.

Tidawerengeranso kuti kutsitsako kuwadyera zingati. Nkhuku ankagulitsa K12,000, ndipo adaganiza zochotsapo K1,500. Zonse 120 zikadapita pa K10,500, akadasiya K180,000 m'manja mwa ogula. Ndalama imeneyo adaiyerekeza ndi matumba a chakudya amene akadagula nkhuku zikadakhalitsa, komanso ndi zomwe zimafa m'khola likathithikana nyengo yotentha ndi yamvula ngati imeneyi, n'kuona kuti angapirire. Masamu amenewa amachitika uthenga usanapite, chifukwa ukangopita mtengo uja wasanduka lonjezo lolembedwa limene lili m'thumba mwa munthu aliyense amene mwamutumizira.

Tsopano malo olembapo. Uthenga umodzi wa SMS umanyamula zilembo 160, kuwerengera mipata ya pakati pa mawu, manambala, mipumiro ndi zizindikiro zonse. Malire amenewa adaikidwa m'zaka za m'ma 1980 ndi akatswiri amene ankakonza njira ya mafoni ya GSM ku Ulaya, mmodzi wa iwo Friedhelm Hillebrand wa ku Germany, ndipo mpaka lero sadasinthe. Uthenga woyamba weniweni udatumizidwa pa 3 Disembala 1992 ku Britain, pa netiweki ya Vodafone, ndipo injiniya wachinyamata Neil Papworth adangolemba mawu awiri, "Merry Christmas". Choncho njira imeneyi idayamba ndi nyengo yomweyi ya chikondwerero, ndipo idayamba mwachidule.

Mukadutsa 160, foni sikukanizani. Imadula uthengawo m'zidutswa za zilembo 153 chilichonse, n'kukazilumikiza pafoni ya wolandira, ndipo inu mumalipira chidutswa chilichonse ngati uthenga pawokha. Wa achemwali uja unali ndi zilembo zoposa 240, kutanthauza mauthenga awiri kwa munthu mmodzi. M'kope lawo munali manambala 90, ndiye bandulo ikadadyedwa mauthenga 180 m'malo mwa 90.

Pali msampha wina umene umatikola ife olemba Chichewa kuposa anzathu olemba Chingerezi. Zilembo 160 zija zimatheka pokhapokha mukugwiritsa ntchito zilembo zomwe zili pamndandanda wa GSM. Mukangoikapo chimodzi chomwe sichili pamndandandawo, foni imasintha kalembedwe ka uthenga wonse ndipo malire amatsika kufika pa 70, kapena 67 pa chidutswa chilichonse ngati uthengawo ndi wautali. Chilembo cha ŵ, chija ena timalemba m'mawu oti Malaŵi kapena maŵa, sichili pamndandandawo. Kachithunzi ka mtengo wa Khirisimasi kapena ka nkhope yosekerera sikalipo. Ngakhale kachizindikiro kamene timaika m'mawu ngati ng'ombe ndi m'mawa kali mitundu iwiri: kowongoka kalipo, koma kopindika, kamene kamabwera mukalemba uthenga pakompyuta n'kuukopera pafoni, palibe. Uthenga wa zilembo 158 wokhala ndi kachithunzi kamodzi kokha umasanduka mauthenga atatu, ndipo kwa anthu 90 ndi mauthenga 270. Mafoni ambiri amaonetsa timanambala tiwiri pafupi ndi batani lotumizira, ina yonena zilembo zotsala, ina yonena kuchuluka kwa mauthenga. Mukaona yachiwiriyo yadumpha mwadzidzidzi kuchoka pa 1 kufika pa 3, bwererani mukafufuze chilembo chachilendo.

Ena afunsa kuti bwanji osangotumiza pa WhatsApp pomwe malo ndi ambiri ndipo chithunzi cha nkhuku chikhoza kupita. Achemwali amatumizanso kumeneko. Koma ambiri mwa amayi amene amawagula ali ndi kafoni ka mabatani, ndipo ena amene ali ndi foni yaikulu amatha masiku atatu opanda bandulo ya intaneti. SMS imafika pafoni iliyonse, ya TNM kapena ya Airtel, bola ikhale yoyaka.

Tidayambanso kulemba. Moni tidamusiya, koma wa liwu limodzi. Kenaka dzina limene ogula amawadziwa nalo, chifukwa si onse adasunga nambala yawo, ndipo uthenga wochokera ku nambala yachilendo wonena za ndalama masiku ano anthu amauyang'ana ndi diso lokayika. Kenaka mitengo iwiri, wakale ndi watsopano, m'makwacha enieni. Sitidalembe maperesenti. K1,500 pa K12,000 ndi 12.5 peresenti, ndipo palibe amene angaime pamsika n'kumawerengera zimenezo, pomwe K10,500 munthu amangopisa m'chikwama n'kudziwa ngati ali nayo. Udatuluka wotere:

"Moni. Ndine mayi wa nkhuku wa ku Chilinde. Nkhuku ya K12,000 ndikugulitsa K10,500 mpaka Lachiwiri 23 Disembala, 5 koloko madzulo. Zilipo 120. Imbani nambala ino."

Kanambala ka pakona kadaonetsa 2. Titawerenga bwino tidapeza zilembo 161, chimodzi chokha chopitirira. Tidachotsa "wa" wachiwiri uja kuti pakhale "mayi wa nkhuku ku Chilinde", zidatsala 158, ndipo kanambala kadabwerera pa 1.

Pa mawu onsewo, amene tidakhalirapo nthawi yaitali ndi a tsiku lomaliza, ndipo ndi amene ndikufuna owerenga awaonetsetse. Achemwali poyamba ankati tingolemba kuti "mpaka Khirisimasi". Ndidawakumbutsa zomwe zidawachitikira chaka cham'mbuyo atalemba mawu omwewo. Iwo ankatanthauza kuti pa 24 madzulo zatha. Bambo wina adabwera pa 25 masana, foni ili m'manja, akuloza uthengawo, ndipo sadalakwe, pakuti Khirisimasi inali isanathe. Mayi wina adabwera pa 27 akunena kuti kwawo chikondwerero chimafika pa Nyuwere. Onsewa adagula pa mtengo wotsika chifukwa panalibe poimira powakaniza.

Liwu loti "mpaka" palokha silinena ngati tsiku lotchulidwalo lili m'kati kapena kunja. "Mpaka pa 23" wina amva kuti pa 23 ndi tsiku lomaliza kugula, wina amva kuti pofika pa 23 zikhala zitatha. Chimene chimathetsa mkanganowo ndi ola. Mukati 5 koloko madzulo, aliyense wadziwa kuti Lachiwiri masana akhoza kubwera ndipo Lachiwiri usiku wachedwa. Olalo likhale limene inu mudzakhalepodi pamalo ogulitsira. Makampani akuluakulu amalemba kuti pakati pa usiku chifukwa makina awo sagona, koma munthu woweta nkhuku kuseri kwa nyumba asalonjeze nthawi imene sangatsegule geti.

Dzina la tsiku ndi deti ziyendere limodzi. Ambiri timakumbukira masiku ndi mayina ake, kuti Lachiwiri ndi tsiku lotsatira msonkhano wa banki mkhonde, kapena kuti Loweruka kuli ukwati. Deti lokha limafuna kuti munthu ayang'ane kalendala. Dzina lokha nalo ndi loopsa, chifukwa uthenga umakhala m'foni masabata ambiri ndipo Lachiwiri limabwera sabata iliyonse. Mukalemba zonse ziwiri, yang'anani pakalendala kuti zikugwirizana. Uthenga wonena kuti Lachiwiri 24 Disembala, pomwe pa 24 ndi Lachitatu, wapereka masiku awiri omaliza, ndipo wogula adzasankha limene lamukomera. Mwezi nawo ulembedwe m'mawu. Mukalemba 10/12 pali ena amene mafoni awo adawazoloweza kuyamba ndi mwezi, ndipo adzawerenga kuti 12 Okutobala.

Mawu oti "lero" ndi "mawa" paokha ndi osadalirika pa SMS. Magetsi akazima tsiku lonse, foni imathima, ndipo uthenga umadikira kwa kampani ya mafoni mpaka foniyo itayakanso. Munthu amene wautsegula Lachitatu m'mawa n'kuwerenga kuti "mawa ndi tsiku lomaliza" adzabwera Lachinayi ali ndi mtima wonse. M'Chichewa mulinso vuto lakelake: mawa ndi m'mawa zimasiyana ndi chilembo chimodzi, ndipo pafoni ambiri timalemba mmawa pa zonse ziwiri. "Bwerani mmawa" angakhale mawa nthawi iliyonse, angakhalenso m'mamawa wa tsiku lililonse. "Sabata ino" nayo ili ndi mbali ziwiri, chifukwa kwa abale athu opemphera Loweruka, Sabata ndi tsiku, si masiku asanu ndi awiri. "Kumapeto kwa mwezi" kwa wolembedwa ntchito ndi tsiku limene malipiro alowa, ndipo mu Disembala malo ambiri amalipira msanga.

Nanga "Zilipo 120"? Amenewa ndi malire achiwiri, ndipo amateteza wogulitsa. Nkhuku zikatha Lolemba, munthu wobwera Lachiwiri sanganene kuti adanamizidwa, chifukwa adauzidwa kuti zili ndi chiwerengero. Koma chiwerengerocho chikhale choona. Kulemba kuti zatsala khumi pomwe khola ladzaza ndi bodza limene limaululika mosavuta, pakuti wogula amalowa yekha kuseri kukasankha nkhuku. Chimodzimodzi mtengo wakale: ngati simudagulitsepo pa K12,000, musaulembe kuti K10,500 ioneke yotsika. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a anthu onamizidwa ndi otsatsa malonda, koma m'dera ngati Chilinde nkhani imafika kuchigayo ndi kumpopi isanafike ku ofesi iliyonse.

Mawu omaliza, "Imbani nambala ino", tidawasankha mosamala. Uthenga wotsatsa upemphe chinthu chimodzi chokha. Mukati imbani, kapena bwerani, kapena tumizani ndalama, kapena tipezeni pa WhatsApp, zonse mu uthenga umodzi, mwatha malo ndipo mwamupatsa munthu ntchito yosankha. Tidapewanso kulemba kuti tumizani ndalama pa nambala yakutiyakuti. Aliyense m'dziko muno adalandirapo uthenga wa akuba wolembedwa choncho, ndipo wanu ukafanana nawo udzafufutidwa usanawerengedwe mpaka kumapeto. Za Mpamba kapena Airtel Money mukambirane munthuyo akaimba n'kumva mawu anu.

Tisanatumize kwa onse, tidayamba tatumiza ku kafoni ka mabatani ka mwana wawo kuti tione momwe ukuonekera. Udafika wathunthu, mitengo ili bwino. Kenaka achemwali adatumiza Lachisanu pa 19 Disembala cha m'ma 10 koloko m'mawa, nthawi imene anthu adzuka kale ndipo tsiku likadali lonse loti aimbe. Masiku asanu, kuyambira Lachisanu kufika Lachiwiri, anali okwanira kuti munthu apeze ndalama koma osatalika moti n'kuiwala. Adatumiza kwa mmodzimmodzi, chifukwa mafoni ena mukasankha anthu ambiri nthawi imodzi amapanga gulu limene aliyense amaona nambala za anzake.

Manambala 90 aja anali a anthu amene adagulapo nkhuku kwa iwo ndipo adapereka nambala zawo okha. Panali chiyeso chowonjezerapo a m'gulu la kwaya ndi a m'kaundula wa banki mkhonde, koma tidazisiya. Munthu amene adapereka nambala yake kuti azimva za maliro ndi misonkhano sadaipereke kuti azitsatsidwa nkhuku. Kuyambira 2024 dziko lino lili ndi lamulo loteteza mbiri ndi zinsinsi za anthu, ndipo nambala ya foni ndi imodzi mwa zinthu zotere. Bambo wina adayankha kuti asamatumiziridwenso, ndipo achemwali adakhwatcha dzina lake m'kope nthawi yomweyo.

Pofika Loweruka madzulo tidaona pomwe uthenga wathu udali ndi mpata. Anthu ankaimba n'kunena kuti, "Mayi, mundisungire ziwiri, ndidzatenga Lachitatu." Kodi ameneyo wagula pa K10,500 kapena ayi? Uthenga udati imbani, iye waimba nthawi isanakwane, koma ndalama sadapereke ndipo nkhuku zake zikudyabe chakudya cha achemwali. Tidatchula tsiku ndi ola, koma sitidanene chimene munthu ayenera kukhala atachita pofika olalo. Ili ndi phunziro limene ndidatengapo ine mwini: tsiku lomaliza limafuna mneni. Lomaliza kuimba, kulipira, kapena kudzatenga? Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo nkhuku yosungitsa pakamwa sidagulidwe. Achemwali adayamba kuuza aliyense woimba kuti mtengowo ndi wa amene walipira, ndipo wolipira akhoza kudzatenga Lachitatu. Uthenga wokumbutsa, umene udapita Lachiwiri m'mawa, udakonza mpatawo:

"Moni. Nkhuku pa K10,500 ndi kwa olipira lero Lachiwiri 23 Disembala isanakwane 5 koloko madzulo. Zatsala 31. Lachitatu ndi K12,000. Mayi wa nkhuku, Chilinde."

Apa "lero" alipo, koma watsamira pa dzina la tsiku ndi deti, moti wowerenga mochedwa sangasokonezeke. Chiwerengero cha 31 adachita kuwerenga m'khola m'mawa womwewo. Uthengawu sudapite kwa onse 90 ayi, koma kwa okhawo amene anali asanagule, chifukwa kukumbutsa munthu amene nkhuku yake ili kale mufiriji n'kumuonetsa kuti simukumudziwa. Ndipo udali womaliza. Mauthenga awiri pa malonda amodzi ndi okwana, wachitatu umayamba kukwiyitsa.

Kope lija lidathandizanso kudziwa ngati uthenga wagwira ntchito. Pa dzina lililonse achemwali ankalemba tsiku limene munthuyo waimba ndi nkhuku zimene watenga. Mafunso a oimba nawo amaulula zambiri. Anthu akamafunsa kuti "Ndi zingati?" kapena "Zitha liti?", uthenga sudanene bwino. Akamafunsa kuti "Zikadalipo?", ndiye kuti adamva zonse ndipo akuopa kutsalira. Chaka chimenechi funso lachiwirili ndi limene lidachuluka.

Lachitatu cha m'ma 7 koloko m'mawa kudabwera bambo wina wachikulire, kasitomala wakalekale, atanyamula K21,000 ya nkhuku ziwiri. Ndidali pomwepo ndipo ndidaona achemwali akuvutika mumtima.

"Bambo, pepani kwambiri," adatero atagwira m'manja mwaulemu. "Mtengo uja udatha dzulo 5 koloko. Lero ndi K12,000. Ndikakuchotserani inu, ndiwalakwira amene adathamanga dzulo kukabwereka ndalama kuti asachedwe."

Bamboyo adatulutsa foni, adawerenganso uthenga uja, n'kugwedeza mutu. "Mwanenadi, mayi. Ndachedwa ndine." Adawonjezera K3,000, ndipo achemwali adawasankhira ziwiri zazikulu kwambiri mwa zotsalazo.

Ndikuona kuti adachita bwino, ngakhale kuti zidali zowawa. Mukawonjezera masiku chifukwa katundu watsala, kapena mukachotsera aliyense wodandaula, ogula anu amaphunzira kuti tsiku lanu lomaliza silitanthauza kanthu, ndipo chaka chamawa sadzathamanga. Katundu akatsaladi wambiri, dikirani tsiku lipite, mtengo ubwerere, kenaka mulembe uthenga wina wa malonda ena, wa Chaka Chatsopano, wokhala ndi mtengo wake ndi tsiku lake.

Inu amene muli ndi saluni, telala, wogulitsa kaunjika kapena mpunga wa Kilombero, musanatumize uthenga wanu Disembala ikubwerayi, mupatseni munthu wa pakhomo panu amene sadziwa za malondawo kuti auwerenge kamodzi kokha. Mulandeni foniyo, ndipo mumufunse kuti walemba ndani, ndi ndalama zingati, zitha tsiku liti ndi nthawi yanji, ndipo iye achite chiyani nthawiyo isanakwane. Akakayika pa funso limodzi, musatumize, lembaninso.